Kumanga ndime ya ganizo lotsutsa m'chimangirizo ndi kuliyankha mogwira mtima

Funso: Ndili mu Fomu 4 ndipo tikuwerenga sewero la Macbeth. Aphunzitsi anatipatsa chimangirizo cha funso lakuti, kodi Macbeth anadzigwetsa yekha kapena anagwetsedwa ndi ena? Ine ndinalemba kuti anadzigwetsa yekha, koma iwo analemba m'mphepete mwa pepala kuti ndaona mbali imodzi yokha. Ndikayesa kuikamo maganizo otsutsa, zikumaoneka ngati ndikudzitsutsa ndekha. Kodi ndime yotereyi imamangidwa bwanji kuti isagwetse mfundo yanga?

Yankho: Musanalembe chiganizo n'chimodzi chomwe, sankhani kaye amene mukufuna kulimbana naye. Pa sewero la Shakespeare limeneli pali anthu awiri amene angakutsutseni. Wina adzati olakwa ndi afiti atatu aja, poti ndiwo anadzala maganizo a ufumu mumtima mwa msilikali wokhulupirika. Wina adzati wolakwa ndi mkazi wa Macbeth, amene anakakamiza mwamuna wake kupha mfumu Duncan. Ophunzira ambiri amawalongeza onse awiri m'ndime imodzi, n'kuyankha aliyense ndi kachiganizo kamodzi. Zikatero palibe amene wayankhidwa mokwanira. Ndime imodzi imanyamula ganizo lotsutsa limodzi, ndipo likhale limene likukuvutani kwambiri kuliyankha.

Njira yodziwira lovutalo njosavuta. Tsegulani buku, mufufuze malo amene mungakonde kuti wochonga asawakumbukire. Kwa inu amene mukuti Macbeth anadzigwetsa yekha, malo amenewo ali m'gawo 1, kachigawo 7. Duncan ali m'nyumba mwa Macbeth, akudya. Macbeth watuluka, walingalira payekha, wapeza zifukwa zosaphera mfumuyo: ndi m'bale wake, ndi mfumu yake, ndi mlendo wake, komanso walamulira mofatsa. Mkazi wake atafika, Macbeth akumuuza mosapita m'mbali kuti nkhaniyi ithere pomwepo. Koma kachigawoko kasanathe, munthu yemweyo akuti watsimikiza mtima kupha. Pakati pa kukana ndi kuvomerako palibe china chimene chachitika kupatula mawu a mkaziyo. Umenewu ndi umboni wolemera, ndipo aliyense amene anawerenga seweroli mosamala akuudziwa. Nkhani ya afiti njopepuka poyerekeza, chifukwa afitiwo sauza Macbeth kuti aphe munthu, amangomulonjera ndi maudindo. Mukasankha afiti n'kusiya mkazi, wowerenga adzaona kuti mwazemba.

Tsopano lembani ganizo lotsutsalo ngati kuti ndi lanu. Apa ndi pamene ambiri amachita mantha, n'kulemba zonga izi:

"Anthu ena amati mkazi wa Macbeth ndiye wolakwa chifukwa anali woipa mtima. Koma zimenezi si zoona chifukwa Macbeth anali munthu wamkulu wodziwa chabwino ndi choipa."

Ziganizo ziwirizi zili ndi matenda atatu. "Anthu ena" sanapatsidwe umboni uliwonse wa m'buku, ndiye ganizo lawo lagwa lisanaime. Yankho nalonso silinachokere m'sewero. Lachokera ku nzeru za tsiku ndi tsiku zimene mungazinene za mpangankhani aliyense m'buku lililonse. Chachitatu, mawu akuti "si zoona" akukana chinthu chimene chili choona ndithu, poti mkaziyo anakakamizadi. Wochonga akawerenga zotere amadziwa kuti wophunzira wamva zoti pamafunika mbali ziwiri, koma sanaganizire mbali yachiwiriyo.

Muyeso wake nawu. Mukalemba gawo la wotsutsa, dzifunseni ngati munthu wokhulupirira ganizolo angawerenge n'kunena kuti, "Eya, ndi zimene ndikunena." Ngati angati mwamunamizira kapena mwamuchepetsa, lembaninso. Zili ngati pabwalo la milandu kwa amfumu: nduna yofotokoza dandaulo la munthu imalinena bwino lomwe mpaka mwiniwake agwedeze mutu, kenako ndi pamene mbali inayo imapatsidwa mpata. Kuti mufike pamenepo, wotsutsa mumupatse zinthu zitatu: chimene akunena, malo enieni m'buku amene akuimapo, ndi chifukwa chake malowo akuopseza mfundo yanu. Chachitatuchi n'chimene chimaiwalika kawirikawiri. Sikokwanira kunena kuti mkazi ananyoza mwamuna wake. Nenani chimene kunyozako kukutanthauza pa funso: kuti pakanapanda iye, Duncan akanadzuka wamoyo m'mawa mwake.

Ganizo lotsutsa lolembedwa mwamphamvu lingamveke motere:

"Komabe, wowerenga wina angati Macbeth sakanapha Duncan pakanapanda mkazi wake. M'gawo 1, kachigawo 7, Macbeth akulingalira payekha, akupeza kuti alibe chifukwa chabwino chophera mfumu, ndipo akuuza mkazi wake kuti asapitirize chiwembucho. Mkaziyo ndiye akumunena kuti ndi wamantha, akukayikira umuna wake ndi chikondi chake, kenako akukonza zoledzeretsa alonda awiri a mfumu kuti mlandu udzagwere iwo. Ngati munthu anali atabwerera m'mbuyo mpaka wina atamukankha, n'kovuta kunena kuti anadzigwetsa yekha."

Taonani kuti chiganizo choyamba chikuonetseratu kuti mawu asintha mwini. "Wowerenga wina angati" ndi chizindikiro chimene chimachotsa vuto looneka ngati mukudzitsutsa. Popanda chizindikirocho, wowerenga amaganiza kuti mwasintha maganizo pakati pa njira. Mawu ena ogwira ntchito yomweyo ndi "pali ganizo lakuti", "wina angatsutse ponena kuti", "poyamba zingaoneke ngati". Ngati mukulemba m'Chingerezi, monga zimakhalira pa phunziro limeneli, kamangidwe kake n'komweko, mawu okha ndiwo asinthe.

Tifike pa yankho, pamene pagona ntchito yeniyeni. Musayambe ndi kukana. Yambani ndi kuvomereza chimene chili choona, koma muchiyeze bwino kukula kwake. Kuvomereza kwabwino kumatchula malire: mkaziyo anafulumizitsa kuphedwa kwa Duncan usiku umenewo. Kuvomereza kopyola muyeso kumati mkaziyo ndiye anachititsa zonse, ndipo mukatero mwapereka chimangirizo chonse kwa wotsutsa. Kusiyana kwa ziwirizi kuli pa mneni amene mwasankha. "Anafulumizitsa", "analimbikitsa", "anapereka njira" ndi aneni amene akukusiyirani malo oimapo. "Anachititsa", "anamukakamiza mpaka analibe chochita" akutsekerani khomo.

Mukavomereza, funsani funso limene limathandiza kwambiri pa mafunso a "ndani wolakwa": kodi zinthu zinachitika mu ndondomeko yotani? Ganizo lotsutsa likuima pa kachigawo kamodzi. Yang'anani za m'mbuyo mwake, za m'kati mwake ndi za patsogolo pake.

Za m'mbuyo zikukuthandizani kwambiri. M'gawo 1, kachigawo 3, Macbeth atangomva kuti wapatsidwadi udindo wa ku Cawdor monga ananenera afiti, akuyankhula chamumtima za ganizo loopsa limene likumuimitsa tsitsi, ndipo akutchula yekha kupha. Nthawi imeneyo mkazi wake sanaonekebe pabwalo la sewero, ndipo kalata yomuuza za afiti sinalembedwe. M'kachigawo 4, Duncan atalengeza kuti mwana wake Malcolm ndiye wodzalowa ufumu, Macbeth akumuona Malcolm ngati chopunthwitsa choyenera kuchidumpha, ndipo akupempha nyenyezi kuti zibise kuwala kwake kuti zokhumba zake zakuda zisaoneke. Mkaziyo tikumuona koyamba m'kachigawo 5. Choncho ganizo la kupha lafika kawiri iye asanatsegule pakamwa.

Za patsogolo nazonso n'zomveka. Macbeth akupha alonda awiri aja m'mawa, zimene sizinali m'dongosolo la mkazi wake. M'gawo 3 akulemba ganyu anthu oti aphe Banquo ndi mwana wake Fleance, ndipo mkazi wa Macbeth atafunsa chimene chichitike, akumuuza kuti asadziwe kanthu mpaka ntchito itatheka. M'gawo 4 akupita yekha kwa afiti, kenako akulamula kuti mkazi ndi ana a Macduff aphedwe, mkazi wa Macbeth osafunsidwa n'komwe.

Koma yankho logwira mtima koposa limachokera m'kati mwa kachigawo komwe wotsutsa akudalira. Mukangothawira ku zigawo zina, wotsutsa angati, "Zimenezo ndamva, koma kachigawo 7 simunakayankhe." Ndiye kawerengeninso pang'onopang'ono, mufunse kuti Macbeth akutembenuka pa mawu ati kwenikweni. Atanyozedwa za umuna, iye akudziteteza, akuti amalimba mtima kuchita zonse zoyenera mwamuna. Mkazi atayankhula zoopsa zija za kuphwanya mutu wa khanda lake, Macbeth sakunena kuti kupha n'kulakwa. Akufunsa kuti, nanga zikakanika? Ndipo akusintha maganizo atamva dongosolo la alonda oledzera, ndiko kuti atamva njira yopulumukira ku mlandu. Si zokhazo, iye mwini akuwonjezera pa dongosololo: akuti agwiritse ntchito mipeni ya alondawo ndi kuwapaka magazi. Munthu wokokedwa mokakamiza sathandiza kukonza chiwembu kuti chikhale chosalala. Umboni umene unkaoneka ngati wa wotsutsa wasanduka wanu.

M'kachigawo komweko muli kanthu kena kokoma koma kofuna kusamala. Mkaziyo akufunsa mwamuna wake kuti, ngati kupha si kwa umunthu, ndi chilombo chanji chimene chinamuchititsa kuti amuuze za chiwembuchi poyamba? Mawu amenewa akusonyeza kuti anayambitsa nkhaniyi ndi Macbeth. Komatu zokambirana zoterozo sitiziona pabwalo, kalata imene mkaziyo akuwerenga sikutchula kupha, ndipo akuyankhulayo ndi munthu amene ali pa mkangano, akufuna kupambana. Mungawagwiritse ntchito, koma lembani kuti "mkaziyo akunena kuti", osati "seweroli likuonetsa kuti". Mawu a mpangankhani si chigamulo cha mlembi, ndipo wochonga wodziwa ntchito amaona msanga wophunzira akasokoneza ziwirizi.

Umboni wonsewu sungalowe m'ndime imodzi. Sankhani ziwiri kapena zitatu zolimba, zinazo zikhale m'ndime zanu zina kumene zikugwira kale ntchito. Yankho lake lingakhale lotere, kupitiriza pamene ganizo lotsutsa linathera:

"N'zoona kuti mkaziyo anafulumizitsa kuphedwa kwa Duncan ndipo anapereka njira yake. Koma kufulumizitsa chinthu n'kosiyana ndi kuchiyambitsa. Macbeth akuganiza za kupha m'kachigawo 3 ndi 4, mkazi wake asanaonekere n'komwe. Ngakhale m'kachigawo 7 momwemo, chimene chikumutembenuza si chitonzo chokha: funso lake asanatembenuke n'lakuti chidzachitike n'chiyani akalephera, ndipo atangomva kuti mlandu udzagwera alonda, akuwonjezera yekha nzeru ya kuwapaka magazi. Izi zikusonyeza kuti chimene chinkamugwira mwendo kwambiri ndi mantha a zotsatira, ndipo mkaziyo anangochotsa manthawo. Kuphedwa kwa Banquo ndi kwa banja la Macduff, kumene mkaziyo sanatengeko mbali, kukutsimikiza kuti chifuniro chinali cha Macbeth. Motero mkaziyo ali ndi gawo pa usiku umodzi, koma njira yonse yopita ku chiwonongeko Macbeth anaisankha yekha."

Chiganizo chomalizacho chiyang'aneni bwino. Sichikubwereza mfundo ya m'mawu oyamba monga inalili. Poyamba munati Macbeth anadzigwetsa yekha. Tsopano mukuti mkazi ali ndi gawo pa kupha koyamba, koma chiyambi ndi kupitiriza kwake n'za Macbeth. Mfundo yachepa pang'ono m'lifupi koma yalimba, chifukwa yakumana ndi umboni wovuta n'kutsalabe chiimire. Ngati mfundo yanu ituluka m'ndime ya mtsutso ili chimodzimodzi mmene inalowera, kawirikawiri ndiye kuti wotsutsa amene munasankha anali wofooka. Ndipo mukamaliza, bwererani ku mawu oyamba a chimangirizo mukawakonze kuti agwirizane ndi mfundo yatsopanoyi. Mawu monga "yekha basi" kapena "palibe wina aliyense" achotsedwe, m'malo mwake mulowe "makamaka" kapena "kwenikweni". Chimangirizo chimene chimayamba ndi "palibe wina wolakwa" n'kudzavomereza pakati kuti mkazi ali ndi gawo, chimenecho ndiye chikudzitsutsadi.

Pali chiganizo china m'yankho lija choyenera kuchiteteza, chakuti Macbeth ankagwidwa mwendo "kwambiri" ndi mantha a zotsatira. Mawu akuti "kwambiri" sanaikidwe mwangozi. Mukalemba kuti ankangoopa kugwidwa basi, mwanama, chifukwa polingalira payekha akutchuladi ubwino wa Duncan ndi udindo wa mwininyumba woteteza mlendo, ndipo atapha akulephera kunena ameni. Chikumbumtima anali nacho. Pofuna kugonjetsa wotsutsa, ophunzira amakonda kukokomeza mbali yawo, ndipo kukokomezako kumatsegula bala latsopano pamene akutseka lakale. Mukamaliza yankho, liwerengeni ndi maso a wotsutsa yemwe uja, muone ngati pali chiganizo chimene angachigwetse ndi mzere umodzi wa m'buku.

Za kutalika kwake: m'chimangirizo cha mawu pafupifupi 800 mpaka 1,000, ndime imeneyi ikhale ya mawu 150 mpaka 200. Wotsutsa apatsidwe ziganizo zitatu kapena zinayi, yankho litenge zisanu mpaka zisanu ndi ziwiri. Yankho likafupika kuposa ganizo lotsutsa, wowerenga amatsala akukumbukira za wotsutsayo. Ngati chimangirizo n'chachitali, monga za kukoleji, gawani pawiri: ndime ya wotsutsa payokha, ndime ya yankho payokha, koma zitsatane, pasalowe china pakati. Malo ake abwino ndi pambuyo pa ndime zanu zikuluzikulu, mawu omaliza asanafike, chifukwa pamenepo umboni wa m'kachigawo 3 ndi 4 mwaufotokoza kale ndipo mungoutchula mwachidule. Musaike ganizo lotsutsa m'mawu omaliza enieniwo. Kumeneko kulibe malo oliyankhira.

Nanga afiti aja? Ngati funso likuwatchula mwachindunji, ayenera ndime yawoyawo, ndipo kamangidwe n'komweko. Yankho lodziwika ndi la Banquo: iyenso anamva ulosi, wakuti ana ake adzakhala mafumu, koma sanaphe munthu, ndipo anachenjeza Macbeth kuti mphamvu za mdima zimanena zoona zing'onozing'ono pofuna kukopa munthu kuti awonongeke. Yankho limeneli n'labwino, koma musamusandutse Banquo mngelo. M'gawo 2 akupempha mphamvu zachifundo kuti zimuletse maganizo oipa amene amabwera m'tulo, ndipo kumayambiriro kwa gawo 3 akukayikira kuti Macbeth anapeza ufumu mwachinyengo koma akukhala chete, akuyembekezera kuti mwina ulosi wakenso ukwaniritsidwa. Zimenezi sizikufooketsa mfundo yanu. Zikuilimbitsa, chifukwa zikuonetsa kuti onse awiri anayesedwa, ndipo chimene chinawasiyanitsa ndi zimene aliyense anachita ndi yeserolo. Kanthu kenanso kothandiza: Duncan akulamula kuti Macbeth apatsidwe udindo wa ku Cawdor m'gawo 1, kachigawo 2, afiti asanakumane naye. Pamene akumulonjera ndi udindowo, owonera akudziwa kale kuti nkhaniyo inagamulidwa ndi mfumu, osati ndi matsenga.

Nthawi zina mukayesa zonsezi mudzapeza kuti yankho silikubwera. Zizindikiro zake ndi izi: mukubwereza mfundo yanu ndi mawu ena m'malo mobweretsa umboni, mukuyamba kulalikira za makhalidwe abwino, kapena mukuyankha funso lina, monga kufotokoza kuti mkaziyo anavutika pamapeto pamene funso linali lakuti anachititsa ndani. Kuyenda kwake m'tulo m'gawo 5 kukuonetsa kuti ankadzimva wolakwa, koma sikukuyankha ngati Macbeth akanapha popanda iye, ndipotu wotsutsa angakutenge kukhala umboni wake. Mukaona zizindikiro zoterezi, bwererani ku buku, pamalo pamene wotsutsa waima, muwerengenso mzere ndi mzere. Mukapezabe kuti umboni wake ukuposa wanu, sinthani mfundo yaikulu musanayambe kulemba bwinobwino. N'chifukwa chake ndime imeneyi ndi bwino kuikonza papepala lapadera poyambirira, ngakhale kuti m'chimangirizo idzakhala chakumapeto. Pa mayeso, mphindi zitatu kapena zinayi zikukwana kulemba mizere inayi: wotsutsa akuti chiyani, waima pa kachigawo kati, ndikuvomereza chiyani, ndimuyankha ndi kachigawo kati.